Zithunzi za chinkhoswe chimodzi zioneke ngati za tsiku limodzi

Chinkhoswe chikatha, ntchito ya wojambula imakhala itangoyamba kumene. Tiyerekeze kuti m'kamera muli zithunzi 400: zina anajambulira m'nyumba atsikana akuvala, zina mu tenti dzuwa lili paliwombo, zina madzulo pa perekani-perekani magetsi atayatsidwa. Mukaziyala pamodzi mupeza kuti chitenje cha yunifomu chimene abale onse anasoketsa chasanduka nsalu zitatu. Apa ndi chofiira, apo chapita kuchikasu, uko chazimirira ngati chachapidwa kambirimbiri. Chithunzi chilichonse pachokha chingathe kukhala chabwino, koma mu alubamu sizigwirizana.

Mapulogalamu okonzera zithunzi, monga Lightroom ya kampani ya Adobe, ali ndi chida chothetsera vutoli chomwe ojambula amachitcha puliseti; pa sikirini chimalembedwa kuti Preset. Puliseti ndi mndandanda wa manambala osungidwa. Mukakonza chithunzi chimodzi mpaka mutakhutira, pulogalamu imalemba pomwe mwasiya kabatani kalikonse, ndipo mungaike manambala omwewo pa zithunzi zina zonse nthawi imodzi. Chithunzi choyambirira sichiwonongeka, choncho mungathe kubwerera m'mbuyo mukafuna.

Koma puliseti ilibe maso. Siidziwa kuti chithunzi ichi chinajambulidwa padzuwa ndipo icho pansi pa babu. Ikauzidwa kuti Exposure ikhale +1.00, kutanthauza kuchulukitsa kuwala kawiri, imatero paliponse. Chithunzi cha m'nyumba chomwe chinada chidzawala bwino, pomwe cha panja chomwe chinali bwinobwino kale chidzayera mbee, malaya a mkwati n'kutaya makwinya ndi ulusi wake wonse. Ambiri amene amadandaula kuti puliseti yawaonongera zithunzi amakhala atagwa m'mbuna imeneyi.

Ntchitoyi iyenera kugawidwa pawiri. Pali kukonza zimene kuwala kwa pamalopo kunalakwitsa, ndipo zimenezi zimasiyana malo ndi malo. Palinso maonekedwe amene inu mukufuna kuti alubamu yonse ikhale nawo, omwe sasintha. Puliseti ndi ya gawo lachiwirili basi.

Yambani ndi kutaya. Zithunzi zogwedera, zimene amalume anatsinzina, ndi zofanana zisanu zotsatizana zichoke musanakonze kalikonse. Zotsalazo muziike m'magulu potsata kuwala: za m'nyumba, za mu tenti, za padzuwa, za usiku. Popeza mwambo umayenda ndi nthawi, kusanja zithunzi ndi Capture Time kumakugawirani magulu amenewa pafupifupi okha. Ngati mwasonkhanitsanso zithunzi za m'mafoni a abale, zikhale gulu lapadera, chifukwa foni imakhala itazikometsa kale.

Pagulu lililonse sankhani chithunzi chimodzi chomwe chili ndi nkhope komanso chinthu choyera kapena chotuwa, kaya nsalu ya patebulo kaya kolala ya shati. Mu Lightroom Classic dinani W, kachida ka White Balance kabwera, ndipo mugunde nako pa choyeracho, malinga chisakhale chimene chayereratu ndi kuwala. Pulogalamu imachotsa mtundu umene kuwala kunapaka pachithunzi. Ngati munajambula mu RAW mudzaona nambala ya Temp: kuwala kwa dzuwa masana kumakhala cha m'ma 5500, kwa pamthunzi cha m'ma 7500, ndipo kwa mababu akale ofiirira aja cha m'ma 2850. Taonani kutalikirana kwake. Puliseti yomwe yasunga 5500 ikafika pa zithunzi za pansi pa mababu oterowo, aliyense amasanduka wachikasu. Pa zithunzi za JPEG kabatani komweko kamayenda kuchokera pa -100 kufika pa +100, ndipo sikalola kukankhidwa kwambiri mitundu isanayambe kusokonekera.

Kenako konzani Exposure mukuyang'ana nkhope, osati thambo. Mukadina J, malo amene ayereratu amaoneka ofiira, amene aderatu amaoneka abuluu. Kufiira pang'ono pa mphete kapena pa mbale yachitsulo palibe kanthu, koma kukakuta diresi, tsitsani Highlights. Zikakhala bwino, sankhani zithunzi zonse za gululo, dinani Sync, ndipo muchonge White Balance ndi Exposure zokha. Mukatero, pitani ku gulu lotsatira.

Tenti ndi imene imavuta kwambiri, makamaka ikakhala yamtundu. Lona yabuluu kapena yobiriwira imasefa dzuwa n'kupaka mtundu wake pamasaya a aliyense wokhala pansi pake, pomwe amene ali m'mphepete akuwombedwa ndi dzuwa lenileni. Chithunzi chimodzi chimakhala ndi kuwala kwamitundu iwiri, ndipo palibe nambala imodzi ya Temp yokonza zonse ziwiri. Apa sankhani nkhope za eni mwambo, zina zonse zitsate. Chithunzi chikakanika ndithu, kuchisandutsa chakuda ndi choyera si manyazi.

Tsopano mwafika pa maonekedwe. Tengani chithunzi chimodzi chokonzedwa kale n'kuchipatsa kakomedwe kamene mukufuna. Mwachitsanzo, mungaike Contrast pa +10, Highlights pa -30 kuti zovala zoyera zisunge ulusi wake, Shadows pa +20 kuti nkhope za pamthunzi zioneke, ndi Vibrance pa +10. Manambalawa ndi poyambira chabe. Vibrance ndiyabwino kuposa Saturation pa zithunzi za anthu, chifukwa imakweza mitundu yozimirira koma n'kuchita ulesi pa khungu. Mukakhutira, dinani + pa Presets, musankhe Create Preset. Pabwera bokosi la zochonga, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa: chotsani chongi pa White Balance ndi pa Exposure, kuti puliseti isafufute zimene mwakonza gulu ndi gulu. Musanaimwaze pa zithunzi zonse, iyeseni pa chimodzi cha gulu lililonse, makamaka cha usiku. Kukweza Shadows pa chithunzi chojambulidwa mumdima kumatulutsa timadontho ngati mchenga, choncho gulu limenelo lingafune kuti muchepetse mphamvu ya puliseti ndi kabatani ka Amount, komwe kamayambira pa 100.

Mapuliseti ogula kapena otsitsa pa intaneti muwasamale. Mu gawo la HSL, lomwe limasintha mtundu umodziumodzi, khungu la munthu aliyense, woyera kapena wakuda, limagwera makamaka pa Orange, pang'ono pa Red. Puliseti yopangidwira pa khungu loyera ikachepetsa mphamvu ya Orange n'kukweza kuwala kwake, pa khungu lathu zotsatira zake ndi nkhope zotuwa ngati anthuwo sanadzole mafuta. Ena amakokera zobiriwira kuchikasu kapena kubulawuni kuti chithunzi chioneke ngati cha mufilimu. Pa kapinga zimakongola, koma mayi amene anayenda sitolo ndi sitolo kufunafuna chitenje chobiriwira cha yunifomu sadzakondwa kuchipeza chasanduka china. Kwa ine, pa mwambo wa banja Orange ndi mtundu wa nsalu ya mwambowo si zoseweretsa.

Pomaliza yalani zithunzi zonse zing'onozing'ono pa sikirini podina G, ndipo mutsate munthu mmodzi, mwina nkhoswe ya kuchikazi, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Khungu lake ndi chitenje chake zikasintha mtundu pakati pa mzere, chithunzi chimenecho chikonzedwe pachokha. Ngati mukufuna alubamu yosindikiza, yambani mwatsukitsa zithunzi zinayi, chimodzi pa gulu lililonse, chifukwa sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, ndipo kawirikawiri zithunzi zimatuluka zakuderako. Mukaziona papepala m'pamene mulipire zotsalazo.