Chitseko chimodzi chokwanira khomo lililonse

Pojambula pulani ya sukulu ku Likangala, kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, zitseko ndi madesiki zimabwerezedwa kambirimbiri. Mu AutoCAD, wojambula amajambula chitseko kamodzi, nkuchisunga ngati buloko ndi lamulo la BLOCK.

Vuto limabwera zitseko zikasiyana kukula. Cha kalasi chikakhala mamilimita 900, cha chimbudzi 700, buloko wamba imafuna zithunzi ziwiri. Ena amangoichepetsa ndi SCALE, koma pamenepo felemu nayo imawonda, zomwe zimasokoneza mmisiri.

Buloko yosinthika, yokonzedwa mu BEDIT, imathetsa izi. Linear ndi Stretch zimasintha mulifupi mokha, pomwe Flip imatembenuza mbali yotsegukira. Kuikonza kumadya nthawi, choncho madesiki ofanana angokhala buloko wamba.