Matumba 60 a soya: ndi ambiri kapena ochepa?

Matumba 60 a soya si nkhani yoti munthu n'kuyankha msanga kuti ndi ambiri kapena ochepa. Wapampando wa bungwe la alimi akamva nambala imeneyi pamsonkhano, chimene amafunsa kalaliki n'chakuti, "Nanga pa zonse zimene tinagula kumeneko, limeneli ndi gawo lanji?" Funsoli limamveka lopepuka, koma kwa amene amasunga mabuku ake m'kompyuta, m'matebulo amene amafunsidwa ndi chiyankhulo cha SQL, linali funso lozunguza mutu kwa zaka zambiri.

Tiyerekeze kuti bungwelo lili ndi malo awiri ogulirako mbewu, ku Dedza ndi ku Mchinji. Nambala zake ndi zongopeka kuti masamu aoneke bwino. Ku Dedza anagula matumba 120 a chimanga, 60 a soya ndi 20 a mtedza, onse pamodzi 200. Ku Mchinji anagula 90 a chimanga, 150 a soya ndi 60 a mtedza, onse pamodzi 300. Zonsezi zili mu tebulo lotchedwa `zogula`, la mizere isanu ndi umodzi, mzere uliwonse uli ndi `boma`, `mbewu` ndi `matumba`.

Mwana wa sitandade 7 atha kuwerengera zimenezi pa pepala: atenge 60, agawe ndi 200, achulukitse ndi 100, yankho ndi 30 peresenti. Chovuta n'chakuti masamuwa amafuna nambala ziwiri zimene sizikhala pamalo amodzi. Nambala 60 ili pa mzere wa soya wa ku Dedza. Nambala 200 palibe pamene yalembedwa. Imapezeka pokhapokha mizere itatu ya ku Dedza itawonkhetsedwa. Njira imene aliyense wophunzira SQL amayamba kuidziwa, ya `GROUP BY`, imawonkhetsa ndithu, koma imapsinya mizere itatuyo n'kukhala umodzi: Dedza, 200. Chiwonkhetso chapezeka, koma chimanga, soya ndi mtedza zasowa, ngati ufa wa m'mathumba atatu wothiridwa m'dengu limodzi. Kale anthu ankalemba mafunso awiri, lina la mizere, lina la ziwonkhetso, kenako n'kuwalumikiza ndi `JOIN`. Zimatheka, koma funso limatalika, ndipo wina akasintha mbali imodzi n'kuiwala inzake, nambala zimasokonekera mwakachetechete.

Njira yachidule ndi imene amaitcha kuti zenera. Mzere uliwonse umakhalabe pamalo pake, koma umapatsidwa kazenera kosuzumirapo mizere inzake ya gulu lomwelo, n'kutenga chiwonkhetso chawo. Funso lake limalembedwa motere:

```sql
SELECT boma, mbewu, matumba,
  SUM(matumba) OVER (PARTITION BY boma) AS zonse,
  100.0 * matumba
    / SUM(matumba) OVER (PARTITION BY boma) AS peresenti
FROM zogula;
```

Liwu la `OVER` likuuza kompyuta kuti iwonkhetse popanda kupsinya mizere. `PARTITION BY boma` ndiye mpanda: mizere ya ku Dedza iwonkhetsedwe payokha, ya ku Mchinji payokha. Mizere isanu ndi umodzi ija imatulukanso yonse, koma itatu ya ku Dedza yanyamula 200 pambali pake, itatu ya ku Mchinji yanyamula 300. Kugawa tsopano n'kosavuta chifukwa nambala zonse ziwiri zili pa mzere umodzi. Ku Dedza chimanga chatenga 60 peresenti, soya 30, mtedza 10. Ku Mchinji chimanga 30, soya 50, mtedza 20.

Apa funso la wapampando layankhidwa, ndipo laululanso kanthu kena. Soya wa ku Dedza ndi mtedza wa ku Mchinji onse ndi matumba 60, koma wina ndi 30 peresenti pomwe winayo ndi 20, chifukwa akuyezedwa ndi milu yosiyana kukula.

Mpandawo ukasuntha, nkhani imasintha ngakhale matumba ali omwewo. Kalaliki akalemba `PARTITION BY mbewu`, soya wa ku Dedza akuyerekezedwa ndi soya yense wa bungwe, matumba 210, ndipo gawo lake ndi 28.6 peresenti. Akachotsa mpanda wonse n'kusiya `OVER ()` wopanda kanthu m'kati, zenera likuona tebulo lonse, matumba 500, ndipo soya yemweyo watsika kufika pa 12 peresenti. Ndiye kuti matumba 60 omwe aja abala mayankho atatu, 30, 28.6 ndi 12, ndipo onse ndi oona. Loyamba likunena za mmene alimi a ku Dedza amadalirira soya, lachiwiri za kumene bungwe limapeza soya wake, lachitatu za kukula kwa malonda amenewa pa ntchito yonse. Lipoti limene langolemba kuti "soya, Dedza, 30 peresenti" osanena kuti ya chiyani, lasiya mkangano pakhomo, ndipo mikangano yambiri ya nambala m'misonkhano imayambira pomwepa, osati pa kulakwa kwa masamu.

Mazenerawa si akale monga SQL yemwe. Chiyankhulochi chinayambira ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1970, m'manja mwa Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, koma mazenera anadzakhazikika m'malamulo ake a mu 2003. PostgreSQL inawalandira mu 2009 ndi mtundu wa 8.4. MySQL inachedwa kufikira mtundu wa 8.0 mu 2018, chaka chomwenso SQLite inawalandira ndi mtundu wa 3.25. Choncho ofesi imene ikugwiritsabe MySQL 5.7 ikalemba funso lili pamwambali, imangolandira uthenga woti lamulo lalembedwa molakwika, ngakhale palibe chimene chalakwika.

Wowerenga watcheru waona kuti m'funsomo mwalembedwa `100.0` osati `100`. Si kukongoletsa ayi. Mu PostgreSQL, SQL Server ndi SQLite, nambala yathunthu ikagawidwa ndi yathunthu inzake, yankho nalo limatuluka lathunthu, zotsala zonse n'kutayidwa. Kalaliki akayamba ndi kugawa 120 ndi 200, yankho loona ndi 0.6, koma makinawo amadula n'kusiya 0, ndipo 0 kuchulukitsa ndi 100 ndi 0 basi. Lipoti lonse limatuluka ndi maziro okhaokha. Kulakwa kumeneku n'kwabwinoko chifukwa kumaonekera patali. Koopsa n'kwa amene wayamba ndi kuchulukitsa ndi `100`: chimanga cha ku Dedza pa chimanga chonse chimatuluka 57 m'malo mwa 57.1, cha ku Mchinji 42 m'malo mwa 42.9, ndipo zikaphatikizidwa zikupereka 99. Kadontho ka `100.0` kamakakamiza masamu onse kusunga tizigawo. MySQL ndi Oracle sizidula chonchi, n'chifukwa chake funso limene linkayenda bwino ku ofesi ina limatha kubala maziro likasamutsidwira ku ina.

Msampha wachiwiri ndi umene umagwira ngakhale ozolowera. Wapampando wanena kuti akufuna kuona za soya yekha. Kalaliki, mosaganiza kawiri, akuwonjezera `WHERE mbewu = 'soya'` kumapeto kwa funso. Yankho: Dedza 100 peresenti, Mchinji 100 peresenti. Chachitika n'chakuti SQL imayamba yasefa mizere ndi `WHERE`, zenera limabwera pambuyo. Pamene likutseguka, chimanga ndi mtedza zachotsedwa kale, ndiye soya wa ku Dedza akudziyerekeza ndi iye mwini, 60 pa 60. Apa 100 ameneyu akuchenjeza yekha. Koma sefa ikanakhala yochotsa mtedza wokha, soya wa ku Dedza akanatuluka 33.3, kutanthauza 60 pa 180, nambala yooneka yaulemu imene palibe akanaikayikira pamsonkhano. Mankhwala ake ndi kuwerengera kaye pa tebulo lonse, kusefa pambuyo:

```sql
WITH magawo AS (
  SELECT boma, mbewu,
    100.0 * matumba
      / SUM(matumba) OVER (PARTITION BY boma) AS peresenti
  FROM zogula
)
SELECT * FROM magawo WHERE mbewu = 'soya';
```

Tsopano 30 ndi 50 zabwerera. Izi sizikutanthauza kuti `WHERE` ndi woletsedwa m'kati. Ngati funso ndi la malonda a mwezi wa Juni wokha, miyezi inayo iyeneradi kuchoka chiwonkhetso chisanapezeke. Chofunika n'kudziwa ngati sefayo ikusankha zoti ziwerengedwe kapena zoti zingoonetsedwa.

Palinso ena amene amafuna kuti mbewu yochuluka ikhale pamwamba, n'kulowetsa `ORDER BY matumba DESC` m'kati mwa `OVER`. Kumeneko liwulo lili ndi ntchito ina: limasandutsa chiwonkhetso kukhala chokwera mzere ndi mzere. Ku Dedza chogawira chimakhala 120, kenako 180, kenako 200, ndipo maperesenti amatuluka 100, 33.3 ndi 10. Mzere woyamba wa gulu lililonse ukamaonetsa 100, vuto limakhala limeneli. Kusanja mizere ya lipoti malo ake ndi kumapeto kwa funso lonse.

Tebulo la mizere isanu ndi umodzi ndi la m'kalasi. Ku depoti yeniyeni mzere uliwonse ndi lisiti la mlimi mmodzi, wina matumba atatu, wina asanu ndi awiri, malisiti mazanamazana. Funso loyamba lija likafunsidwa pa tebulo lotere limapereka gawo la lisiti lililonse, zimene wapampando sanafunse. Pamafunika kuwonkhetsa kawiri, ndipo kalembedwe kake kamadabwitsa oyamba kumene:

```sql
SELECT boma, mbewu, SUM(matumba) AS matumba,
  100.0 * SUM(matumba)
    / SUM(SUM(matumba)) OVER (PARTITION BY boma) AS peresenti
FROM malisiti
GROUP BY boma, mbewu;
```

`SUM` wam'kati ndi wa `GROUP BY`: akusonkhanitsa malisiti onse a soya wa ku Dedza kukhala 60. Wakunja ndi wa zenera: akuphatikiza 120, 60 ndi 20 kukhala 200. Zikutheka pa chifukwa chomwe chija chinabala msampha wa `WHERE`, chakuti zenera limatseguka mochedwa, magulu atapangidwa kale.

Bungwe likatsegula malo atsopano amene alembedwa m'buku koma sanagule thumba ndi limodzi lomwe, chiwonkhetso chawo ndi 0. PostgreSQL ndi SQL Server zimakana kugawa ndi ziro ndipo lipoti lonse limaima chifukwa cha malo amodziwo. Kukuta chogawiracho ndi `NULLIF(..., 0)` kumachititsa kuti pamalopo pangokhala popanda kanthu, mizere ina n'kutuluka bwinobwino.

Asanasindikize, kalaliki wosamala amaphatikiza maperesenti a boma lililonse kuti aone ngati akufika pa 100. Akapeza 99.9 sadandaula, chifukwa mbewu zitatu zofanana zikadulidwa pa 33.3 iliyonse sizingafike. Koma muyeso umenewu sugwira zonse: sefa yolakwika ija imapereka 66.7 ndi 33.3, zimene zikukwana 100 ndendende. N'chifukwa chake ndime ya `zonse` ya m'funso loyamba ndi yoyenera kuisiya m'lipoti. Pambali pa Dedza pakaoneka 180 pomwe buku la kusitolo likunena 200, wosunga katundu amaona yekha kuti matumba 20 a mtedza sanawerengedwe.