Kalata ifike tsiku la ngongole lisanakwane

Mwezi wa Januwale umavuta kwa ogulitsa simenti, malata ndi penti m'matauni a alimi ngati Kasungu. Mvula ikagwa zomangamanga zimaima, ndalama za anthu zimathera ku feteleza ndi fizi, ndipo msika wa fodya umadzatsegulidwa cha mu Epulo. Katundu amakhala ali tho m'shopu, koma m'kabati mulibe kanthu. Chonsecho kampani imene imakupatsani katundu pangongole ikudikira ndalama zake pa tsiku limene munapangana.

Ambiri zikafika apa amazimitsa foni, kapena amauza mnyamata wa pashopu kuti aziti bwana achokapo. Ndikuona kuti palibe chimene chimapha bizinesi msanga kuposa chimenechi. Woperekera katundu akaona tsiku ladutsa inu muli chete, amatseka akaunti, ndipo msika ukadzatsegulidwa mudzapezeka mulibe choti mugulitse. Kalata yopempha kuti akutalikitsireni masiku ndi yothandiza ngati yafika tsiku lisanakwane, makamaka kukadali milungu iwiri. Ikafika tsiku litadutsa kale, wolandirayo amaiwerenga ngati chowiringula basi.

Tiyerekeze kuti shopu ina inatenga katundu wa K12,000,000 pa mgwirizano wa masiku 30, ndipo ngongole yonse ikuyenera kulipidwa pa 31 Januwale. Mwini shopu asanagwire cholembera, ayenera kukhala pansi ndi buku lake n'kulemba sabata ndi sabata ndalama zimene zilowe ndi zimene zituluke mpaka kumapeto kwa Malichi. Kumbali yotuluka aikeko lendi, malipiro a antchito ndi msonkho, pokumbukira kuti amene analembetsa VAT amalipira ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira. Kumbali yolowa ndi kumene anthu amadzinamiza. Kontalakitala amene ali ndi ngongole yanu ya K7,000,000 n'kumanena kuti "mawa, mawa" musamuwerengere mwezi uno. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tinene kuti atawerenga mosadzikondera, mwini shopu wapeza kuti angakwanitse K4,000,000 mwezi uliwonse. Nambala imeneyi ndiyo iyenera kulowa m'kalata, ngakhale mtima ukufuna kulonjeza zambiri kuti akondweretse bwana.

Kalatayo ipite kwa munthu amene ali ndi mphamvu pa ngongole za makasitomala, kawirikawiri mkulu wa zachuma kapena mwini kampani. Wogulitsa amene amakuyenderani ndi galimoto ndi bwenzi lanu, mumuuze ndithu, koma sangasinthe tsiku lolipira. Ndi bwinonso kuimba foni kaye, kuti kalata ingobwera kudzatsimikiza zimene mwakambirana. Mawu ake angakhale otere:

"Wokondedwa Bwana, ndikulemba za ngongole yathu ya K12,000,000 imene ikuyenera kulipidwa pa 31 Januwale. Malonda atsika chifukwa cha mvula, komanso kasitomala wathu wamkulu wachedwa kutilipira, choncho sitikwanitsa kupereka yonse pa tsikulo. Tikupempha kuti mutilole kulipira K4,000,000 pa 31 Januwale, K4,000,000 pa 28 Febuluwale, ndi K4,000,000 yotsala pa 31 Malichi. Katundu aliyense amene titenge m'nyengo imeneyi tizilipira pompopompo. Kuyambira mu Epulo tibwerera ku masiku 30 monga kale. Tingathokoze mutatiyankha pofika pa 24 Januwale."

Pamwamba pake mulembe nambala ya akaunti yanu ndi manambala a mainivoisi onse amene mukunena, kuti wowerengayo asavutike kufufuza m'mafailo.

Taonani kuti chifukwa chatenga chiganizo chimodzi chokha. Anthu ena amadzaza tsamba lonse ndi madandaulo, matenda a kumudzi, maliro, kukwera kwa mafuta, poganiza kuti bwana amva chisoni. Zotsatira zake zimakhala zina. Wowerenga amayamba kuganiza kuti shopu ikugwa, ndipo amafulumira kutolera zake ena asanamutsogolere. Iye akufuna kudziwa ngati vutoli ndi la kanthawi komanso tsiku limene ndalama yake ifike. Mawu ngati "tidzalipira zinthu zikayenda bwino" samuthandiza, chifukwa nayenso ali ndi bwana kapena banki yomufunsa tsiku. Bodza nalo lipeweni. Dalaivala wake amaona mashelefu anu mwezi uliwonse, ndipo amalonda a tauni imodzi amadziwana.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti masiku owonjezerawo ndi ngongole yeniyeni, ndipo wina akuilipirira. Tinene kuti kampaniyo imayendera ndalama za kubanki pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, kutanthauza 2.5 peresenti pamwezi. K8,000,000 imene yatsala mwezi wa Febuluwale ikuwadyera K200,000, ndipo K4,000,000 ya mu Malichi ikuwadyera K100,000. Mukuwapempha mphatso ya K300,000. Ngati amaitanitsa katundu kunja, mantha awo amaposa pamenepa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atakongoza katundu pa mtengo wakale anatolera ndalama zosakwana kuodanso katundu yemweyo. Musadabwe akakana poyamba.

N'chifukwa chake kalata yabwino imabwera ndi kanthu m'manja. Gawo loyamba lolipidwa pa tsiku lenileni la mgwirizano ndi umboni wamphamvu kuposa mawu onse aulemu. Kulonjeza kugula katundu watsopano ndi ndalama yapamanja kumawatsimikizira kuti ngongole siikula. Ngati muli ndi katundu wawo amene sakuyenda, monga zitini za penti zosatsegula, mutha kupempha kuti abwerere n'kuchotsedwa pa ngongole. Akanena kuti muonjezere kachiwongoladzanja, werengani musanakane. K300,000 pa miyezi iwiri ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene akatapila angakudyereni pa ndalama yomweyo.

    Ndikupemphani kusamala kwambiri ngati akupatsani pepala loti musaine kuti inuyo panokha mukuimira ngongole ya kampani yanu. Pepala lotere limaika nyumba ndi galimoto yanu pachiswe, ndipo ndi loyenera kulionetsa kwa loya musanasaine.

Akavomera pafoni, pemphani kuti alembe, ngakhale mizere iwiri pa imelo kapena sitampu ndi siginecha pa kope la kalata yanu. Popanda zimenezi, kalaliki wa maakaunti amene sanamve nkhaniyo adzatseka akaunti pa 1 Febuluwale monga mwa malamulo a kampani, kapena kukuonjezerani chindapusa cha kuchedwa. Akayankha kuti alola masiku 30 okha osati 60, bwererani ku buku lanu muone ngati K8,000,000 ingapezeke pofika kumapeto kwa Febuluwale. Ngati singapezeke, auzeni nthawi yomweyo ndipo mutchule ndalama imene mungakwanitse, chifukwa tsiku limene mwasankha nokha likaphonyeka, kalata yachiwiri sakonda kuiwerenga.