Kalata Imodzi, Woyankha Mmodzi

Tiyerekeze kuti pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira, anthu atatu amawerenga bokosi limodzi la imelo. Mmawa kasitomala walemba kufunsa mtengo wa matumba 50 a simenti. Woyamba watsegula kalatayo n'kupita kukafunsa kosungira katundu. Wachiwiri, poona kuti palibe yankho, watumiza mtengo wa mwezi watha. Pobwerera, woyamba uja watumizanso mtengo watsopano. Kasitomala tsopano ali ndi mitengo iwiri, ndipo mosakayika akakamira wotsikawo.

Gwero la vutoli n'lakuti kalata ikatsegulidwa imangooneka kuti yawerengedwa. Sionetsa amene waiwerenga, kapena ngati akuchitapo kanthu. Nthawi zina zimatembenuka: aliyense amaganiza kuti mnzake wayankha, kalata n'kugona masiku atatu.

Mankhwala ake ndi kuika chizindikiro musanayambe ntchito, osati mutamaliza. Mu Gmail pangani "label" ya dzina la munthu aliyense. Mu Outlook gwiritsani ntchito "Categories", aliyense mtundu wakewake. Mukatsegula kalata, imateni dzina lanu pomwepo, ndipo anzanu asaikhudze. Mukayankha, ichotseni mu "Inbox" kuti m'menemo mutsale zokhazo zodikira munthu. Yankho lichokere ku adiresi ya gulu, chifukwa lochokera ku adiresi yanuyanu anzanu salioona mu "Sent".

Komabe chizindikiro chili ndi malire. Amene wadwala kapena wapita kutchuthi amasiya makalata atamatidwa dzina lake, ena n'kumawalambalala. Choncho sankhani munthu mmodzi tsiku lililonse woti, nthawi yoweruka isanakwane, aone makalata omatidwa koma osayankhidwa n'kuwapatsa wina.