Msambo Ukasokonekera, Dokotala Amayambira Pati?

Msambo wabwinobwino umabwera pakatha masiku 24 mpaka 38, ndipo supitirira masiku 8. Ukadutsa malire amenewa, kapena magazi akamabwera pakati pa mwezi, pamafunika kufufuza.

Tiyerekeze mayi wa zaka 36 amene akusamba masiku khumi, akusintha padi ola lililonse, magazi ake ali ndi mibulu. Dokotala amayamba waona ngati mayiyo akuchita chizungulire kapena mtima ukuthamanga, chifukwa wotaya magazi ambiri sadikira mafunso. Kenako amayeza mkodzo kuti adziwe ngati ali ndi pathupi, ngakhale mayiyo atanenetsa kuti akulera. Kupita padera ndi mimba yomera kunja kwa chiberekero zimabisala ngati msambo wosokonekera, ndipo yachiwiriyi imapha ikaphulika.

Pathupi palibe? Mafunso amatsatira. Jakisoni wakulera amadonthetsa magazi mosayembekezereka miyezi yoyambirira. Magazi obwera pambuyo pogonana amaloza ku khomo la chiberekero, lomwe amalipaka viniga pofufuza zizindikiro za khansa.

Kwa mayi wathuyu, masiku osambira sanasinthe, chachuluka ndi magazi basi. Pomugwira pamimba, chiberekero chikumveka chachikulu komanso cha mabampu, ndipo sikani ikuonetsa zotupa za m'minofu yake, zomwe kawirikawiri si khansa. Mlingo wa magazi watsika kufika pa 9, pomwe umayenera kukhala 12 kapena kuposa, choncho ayamba mapiritsi owonjezera magazi. Akanakhala wa zaka 45, akanamutapanso kanyama ka m'kati mwa chiberekero kukayeza.