Kusandutsa masilaidi a pulojekiti kukhala lipoti

Masilaidi a PowerPoint amadalira munthu woima kutsogolo n'kumafotokoza. Lipoti limapita lokha kwa opereka ndalama, choncho zonse zimene zikanatuluka pakamwa ziyenera kulembedwa.

Tiyerekeze pulojekiti yokumba mijigo 10. Silaidi ina yangoti: “Mijigo 6 yatha. Mvula.” M'lipoti, mawu amenewa akhale ndime yathunthu: “Pofika kumapeto kwa Febuluwale tinamaliza mijigo 6 mwa 10. Inayi yotsalayo yachedwa chifukwa mvula inawononga msewu, ndipo galimoto yonyamula makina inalephera kudutsa.” Tsopano wowerenga wadziwa nthawi, cholinga ndi chifukwa.

Musapatse silaidi iliyonse mutu wake. Sonkhanitsani zofanana, kuti masilaidi 15 alowe pansi pa mitu inayi: cholinga, zimene zachitika, mavuto ndi ndalama. Ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi.

Mawu omaliza asabweretse nkhani yatsopano. Anene pamene ntchito yafika, nthawi imene mijigo yotsala idzathe, ndiponso zimene mukupempha.

Mukamaliza, patsani lipotilo mnzanu amene sanali pamsonkhano. Akafunsa kuti “chifukwa chiyani?”, dziwani kuti pamenepo pakusowa chiganizo.