Mapepala 120 pa Lachisanu: kukana mnzako osadula ubale

Ndi Lachisanu masana pasukulu ina ya sekondale. Mphunzitsi wa Chichewa akulongedza mabuku pomwe mnzake wa Chingerezi akutulukira ndi mulu wa mapepala a mayeso oyeserera a Fomu 4. “Madamu, mundichongereko awa. Ine ndili ndi ukwati ku Dedza, koma ahedi akufuna malikisi Lolemba.”

Mapepalawo alipo 120. Ngati chimangirizo chimodzi chikudya mphindi 10, ntchito yonseyo ndi ya maola 20. Lamulo la ntchito la m'Malawi la 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, choncho bamboyu akupempha pafupifupi theka la sabata yathunthu, m'masiku awiri opuma.

Apa ambiri amayankha kuti “ndiona”, poopa kuoneka ouma mtima. Akuluakulu adati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma mapepala oviikidwa m'kabati amadzavuta Lolemba m'mawa. Wopempha uja amanyamuka mtima uli m'malo, osafunanso thandizo kwina, ndipo pobwera amapeza ntchito ili chikhalire. Mkangano umene umabuka pamenepo umaposa wa kukana.

Mayiyu sanatero. “Pepani aphunzitsi, onsewa sindingathe. Nanenso ndili ndi anga 90 oti ndipereke Lolemba lomwelo. Chimene ndingathe ndi ichi: mundisiyire gawo la mafunso osankha yankho pamodzi ndi mayankho ake, ndichonga mawa m'mawa. Zimangirizo zikhale zanu. Tiyeni kwa ahedi panopa mukapemphe kuti mudzapereke Lachitatu.”

Yankholi lili ndi mphamvu chifukwa “sindingathe” wamveka poyamba penipeni, mnzakeyo akadali ndi nthawi yokonza zina. Chifukwa chake n'chimodzi, choona, ndipo chikukhudza ntchito osati khalidwe la wopemphayo. Munthu akaunjika zifukwa zinayi, mnzake amayamba kuzigwetsa chimodzichimodzi: “Mwana wodwalayo, si alipo antchito?”

Thandizo lomwe wapereka nalonso lili ndi malire ooneka: gawo liti, tsiku liti. Mafunso osankha aliyense angachonge ali ndi mayankho pambali, pomwe zimangirizo zimafuna mwini phunziro kuti ana onse ayezedwe ndi muyeso umodzi.

Wopempha akakakamira, nzeru ndi kubwereza mawu omwewo modekha, osawonjezera chifukwa chatsopano: “Ndamva ndithu, koma chimene ndingathe ndi gawo lija.”

Pali zopempha zina zosagawika. Mnzako akati umulembere malikisi ongopeka, kapena umusainire m'buku la ofika pantchito iye kulibe, palibe theka loti n'kuvomera. Chotsala ndi kumuperekeza kwa ahedi kapena kusinthana naye mapiriyodi kuti apeze mpata.

Pa nkhani ya mapepala ija, bamboyo adapita ku Dedza atasiya gawo limodzi lokha patebulo la mnzake, ndipo zimangirizo 120 adanyamula yekha m'chikwama.